Chitenje cha pa Songani ndi msonkho wa pa bodala

Zitenje zambiri zimene zimayalidwa pa msika wa Songani, ngakhalenso zimene amayi a geni amayenda nazo m'makomo mwa aphunzitsi ku Domasi mwezi ukatha, zinalowa m'dziko muno kudzera pa chipata. Zina zinadutsa pa Songwe kuchokera ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, zina pa Mchinji kuchokera ku Kamwala ku Lusaka, zina pa Mwanza kapena pa Dedza kuchokera ku Joni. Mukacheza ndi eni geniyo za msonkho, mawu amene amabwera kawirikawiri ndi akuti, "Dyuti ilibe mtengo, zimatengera amene mwamupeza pa windo." Mawuwa amandipweteka mtima, chifukwa munthu amene akukhulupirira zimenezi amafika pa bodala atagonja kale. Amalipira zimene wauzidwa osadziwa ngati zili zoona, kapena amayamba kunenerera ngati ali pa msika wa tomato, mwinanso kufunafuna njira za kutchire.

Msonkho wa katundu wolowa m'dziko uli ndi masamu ake. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, limautolera motsatira lamulo la Customs and Excise Act, ndipo ndalama imene imatuluka pa kompyuta imachokera pa mayankho a mafunso atatu: katunduyu ndi wa ndalama zingati, ndi katundu wanji kwenikweni, nanga anapangidwira kuti. Mayankho onse atatu amakonzedwa pamene mukugula katunduyo. Pa bodala mumangokawaonetsa.

Tiyerekeze mayi wa ku Domasi amene wapita ku Dar es Salaam nagula nsalu za zitenje 200, iliyonse pa mtengo wofanana ndi madola 5. Tiyende naye mpaka pa Songwe.

Funso loyamba ndi la mtengo, ndipo apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Dziko la Malawi linalowa m'bungwe la World Trade Organization mu 1995, ndipo limatsata pangano la bungweli la kawerengedwe ka mtengo wa katundu. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti poyambira ndi ndalama imene wogula analipiradi, kapena imene akuyenera kulipira, kwa wogulitsa. Si mtengo umene nsaluyo idzagulitsidwe pa Songani, komanso si mtengo umene ofisala akuuganizira. Kwa mayi athuwa ndi madola 1,000.

Koma sizithera pamenepo. Pa mtengowo amawonjezerapo zonse zimene zinalowa kuti katunduyo afike pa chipata cha Malawi. Mayiwa analipira anyamata omanga mabelo ndi kukweza madola 40, galimoto yochokera ku Dar es Salaam kufika pa Songwe madola 140, ndi inshuwalansi madola 20. Zonse pamodzi ndi madola 1,200. M'mapepala mudzaona zilembo za CIF, kutanthauza mtengo wa katundu, inshuwalansi ndi mayendedwe zitaphatikizidwa. Ambiri amadabwa akamva kuti ndalama ya thiransipoti nayonso imadulidwa msonkho, koma ndi mmene lamulo lilili. Chofunika kuchidziwa ndi malire ake: ulendo wa mkati mwa Malawi, kuchoka pa Songwe kudutsa Karonga, Mzuzu, Liwonde mpaka kutsika pa Domasi, sukuyenera kulowa mu mtengowo, bola ukhale wolembedwa padera. Ngati mwini lole wakupatsani lisiti imodzi ya ulendo wonse, mupempheni aigawe pawiri, mbali ya kunja ndi mbali ya mkati. Akapanda kutero, mukhoza kulipira msonkho pa makilomita mazanamazana a m'dziko lanu lomwe.

Kenaka madola aja amasinthidwa kukhala makwacha, pa mlingo umene uli mu kompyuta ya MRA pa nthawi imene chikalata chanu chalowa, osati umene munagulira ndalama kwa osintha a mumsewu. Kuti masamu asavute titenge K1,750 pa dola imodzi. Madola 1,200 akhala K2,100,000. Imeneyi ndiyo nambala imene misonkho yonse idzamerapo. N'chifukwa chake kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu analipira msonkho wokwera kwambiri pa katundu yemweyo ngakhale kuti mlingo wa dyuti sunasinthe. Chinasintha ndi makwacha a pa dola.

Nanga ofisala akakana mtengo wa pa lisiti yanu? Ali ndi mphamvu yokayikira, ndipo kunena zoona ali ndi zifukwa zake. Aliyense amene anagulako katundu kunja amadziwa kuti ogulitsa ena amafunsa okha kuti, "Ndilembe zingati za pa bodala?" Malisiti otere aononga mbiri ya malisiti onse, ngakhale a anthu oona mtima. Ofisala amakhala ndi mitengo imene katundu wofanana wakhala akulowera, ndipo akaona nsalu ya madola 5 yalembedwa dola imodzi, amadziwa. Komabe kukayikira kwake si chigamulo. Ayenera kukupatsani mpata wofotokoza ndi kubweretsa umboni. Umboni wabwino ndi invoisi yokhala ndi dzina la sitolo, adiresi, nambala ya foni, tsiku, mtundu wa nsalu ndi chiwerengero chake. Kulemba kuti "katundu, madola 1,000" pa kapepala kong'amba m'kope sikuthandiza. Umboni wina wamphamvu ndi wa malipiro: chikalata cha ku banki, kapena uthenga wa pa foni woonetsa ndalama imene inatumizidwa. Ngati anakuchotserani mtengo chifukwa chogula zambiri, kuchotsako kulembedwe pa invoisi pomwepo, musakakufotokoze ndi pakamwa.

Ofisala akakhalabe wosakhutira, sanganene nambala ya m'mutu mwake. Panganoli lili ndi njira zisanu ndi imodzi, ndipo zimatsatidwa mwa ndondomeko, osadumpha. Mtengo wa pa lisiti ukakanidwa, amayang'ana mtengo umene unavomerezedwa pa katundu wofanana ndendende, wopangidwa m'dziko lomwelo, amene analowa pa nthawi yomweyo kapena yoyandikira. Akapeza mitengo ingapo yotere, lamulo likuti atenge wotsikitsitsa. Katundu wotere akasowa, amayang'ana wofananirako, amene amagwira ntchito imodzi ndipo wogula angasinthanitse. Zikakanikanso, amayambira pa mtengo wogulitsira muno m'Malawi n'kuchotsapo phindu, mayendedwe a mkati ndi misonkho, kapena amawerengera ndalama zimene fakitale inaononga popanga. Njira yotsiriza ndi kugwiritsa ntchito zomwezi mofewetsako. Ngakhale pa njira yotsirizayi pali zoletsedwa: mtengo wongopeka, mtengo wa nsalu yopangidwa muno m'Malawi, kapena mtengo wa pansi wongokhazikitsidwa kuti palibe angatsike kuposa apa.

Njira zimenezi zimakhudzanso mabanja ambiri a m'chigwa chino amene ali ndi ana ku Joni. Mwana akatumiza firiji kapena njinga yamoto ngati mphatso, makolo amati, "Sitinagule, ndiye msonkho wa chiyani?" Mphatso nayo ili ndi mtengo. Popeza panalibe kugulitsana pakati pa mwana ndi kholo, ofisala amapita ku njira zinazo. Lisiti imene mwanayo anagulira ikabwera limodzi ndi katundu, imathandiza kwambiri kuti mtengo usakwezedwe mopyola.

Funso lachiwiri limaoneka lachibwana: katunduyu ndi chiyani? Mayi athu ayankha kuti ndi zitenje. Koma m'buku la tarifi mulibe mawu akuti chitenje. Muli manambala. Mayiko pafupifupi onse amagwiritsa ntchito ndondomeko imodzi ya manambala yotchedwa Harmonized System, imene imasungidwa ndi bungwe la World Customs Organization ku Brussels. Inayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo imakonzedwanso pakapita zaka zingapo, monga zinachitikira mu 2022. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana kulikonse, kaya ku Tanzania kaya ku China, ndipo dziko lililonse limawonjezera ake kumapeto. Mlingo wa dyuti, wa ekisaizi ndi wa VAT umalembedwa moyang'anizana ndi nambalayo. Nambala ikasintha, ndalama ikhoza kusintha.

Nsalu yoluka ya thonje, imene thonje lake likufika 85 peresenti kapena kuposa ndipo kulemera kwake sikupyola magalamu 200 pa sikweya mita, ili pa mutu 52.08. Ikakhala yodindidwa maluwa, yolukidwa mwa wamba, yolemera kuposa magalamu 100 pa sikweya mita, nambala yake ndi 5208.52. Mitu yake imawerengedwa motere: 52 ndi chaputala cha thonje, 08 ndi nsalu yopepuka ya thonje lambiri, 52 yotsirizayo ndi yodindidwa ya kulemera kumeneko. Thonje likachepera 85 peresenti n'kusakanizidwa ndi ulusi wa m'fakitale, nsaluyo yachoka pa 52.08 yapita pa 52.10. Ikakhala ya poliyesita yekhayekha, monga zitenje zambiri zotchipa za masiku ano, yatuluka m'chaputala cha thonje, yapita ku 54 kapena ku 55 malinga ndi mtundu wa ulusi wake. Pa nsalu yosakaniza, ulusi umene ukulemera kwambiri ndiwo umatsogolera.

Zimenezi mukhoza kuziyesa nokha musanalipire. Sololani timaulusi m'mphepete mwa nsalu n'kuyatsa ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake ndi la pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa limene limafufutika pakati pa zala. Poliyesita amafwanyala kuthawa moto, amasungunuka, amanunkha pulasitiki, n'kusiya kachibulu kakuda kolimba kosaphwanyika. Kulemera kwake mukhoza kukupeza ndi sikelo ya pa golosale. Nsalu ya mayadi asanu ndi limodzi imatalika mamita pafupifupi 5.5, ndipo ikakhala ya mulifupi mwa mita 1.15 ndiye kuti ndi masikweya mita 6.3. Ikalemera magalamu 700, mukagawa mupeza pafupifupi magalamu 110 pa sikweya mita, ndiye kuti yapyola 100 koma sinafike 200. Chizindikiro cha pa nsalu chikhoza kunena kuti ndi thonje lenileni pamene si thonje. Cha pa chizindikiro si chimene chimawerengedwa, koma chimene nsaluyo ili.

Pali msampha wina umene atelala ayenera kuudziwa. Nsalu yomweyo ikasokedwa n'kukhala diresi, si nsalunso, yalowa m'chaputala 62 cha zovala. Ngakhale kungoipinda m'mphepete n'kusoka mpendero kukhoza kuichotsa pa mutu wa nsalu n'kuiika pa zinthu zomalizidwa. Kaunjika naye ali ndi mutu wakewake, 63.09, koma kuti katundu alowe pamenepo ayenera kuoneka kuti anavalidwadi ndipo abwere m'mabelo kapena m'matumba. Zovala zatsopano zobisidwa pakati pa belo la kaunjika sizisanduka kaunjika. Lamulo lina la ndondomekoyi likuti chinthu chobwera chomasulidwa chimawerengedwa ngati chathunthu. Amene amamasula njinga za kabaza n'kulemba kuti ndi masipeya, pamene felemu, mawilo, tcheni ndi chishalo zonse zili m'katoni imodzi, akulembabe njinga, ya pa mutu 87.12.

Ambiri amasiyira ejenti wa pa bodala kuti asankhe nambala. Palibe cholakwika kugwiritsa ntchito ejenti wovomerezeka, ndipo pa katundu wochuluka ndi iye amene amalowetsa chikalata cha Form 12 mu ASYCUDA World, makina amene MRA imagwiritsa ntchito. Koma chikalatacho chimalembedwa m'dzina lanu ndi pa TPIN yanu. Nambala ikapezeka yolakwika, ngakhale patapita miyezi, msonkho wotsala ndi chindapusa zidzafuna inu. Mufunseni ejentiyo kuti, "Achimwene, mwaika pa nambala iti, ndipo chifukwa chiyani?" Ejenti wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli. Akakuuzani kuti ali ndi nambala yotchipa, dziwani kuti katundu mmodzi amakhala ndi nambala imodzi yolondola, yosasankhidwa potengera kutchipa.

Tsopano tiwerenge. Milingo ya dyuti ku Malawi imakhala yotsika kapena ziro pa zipangizo za m'fakitale ndi makina ambiri, n'kukwera pa katundu womalizidwa, pamene 25 peresenti ndi mlingo wofala. Milingoyi imasinthidwa ndi bajeti ya boma, choncho ya tsiku lanu muione m'buku la tarifi la chaka chimenecho, pa Malawi Trade Portal kapena ku ofesi ya MRA. Pa chitsanzo chathu titenge dyuti ya 25 peresenti, ndi VAT ya 16.5 peresenti, mlingo umene unakhala zaka zambiri osasintha. Dyuti pa K2,100,000 ndi K525,000. VAT siwerengedwa pa mtengo wa katundu wokha, koma pa mtengo ndi dyuti zitaphatikizidwa, kutanthauza pa K2,625,000. Imeneyo ndi K433,125. Zonse pamodzi mayi athu alipira K958,125.

Onani chimene chachitika. Munthu wongophatikiza 25 ndi 16.5 akanayembekezera 41.5 peresenti, koma ndalama yeniyeni yapyola 45 peresenti, chifukwa msonkho wachiwiri wakwera pamsana pa woyamba. Katundu akakhala wa ekisaizi, masitepe amakhala atatu. Ekisaizi imawerengedwa pa mtengo ndi dyuti, kenaka VAT pa zonse zitatu. Tikanaika ekisaizi ya 10 peresenti pa chitsanzo chomwechi, ikanakhala K262,500, VAT ikanakwera kufika pafupifupi K476,400, ndipo zonse zikanapyola K1,260,000. Pamwamba pa izi pamabwera ndalama ya ejenti ndi timalipiro tina ta chikalata, komanso msonkho wa phindu wolipiriratu umene umadulidwa kwa ochita malonda amene alibe satifiketi yoonetsa kuti nkhani zawo za msonkho zili bwino.

Tikagawa K958,125 ija pa nsalu 200, iliyonse yasenza pafupifupi K4,800. Nsalu imene inagulidwa pa K8,750 ku Kariakoo yafika pa K10,500 ndi mayendedwe, ndipo ikuchoka pa Songwe ili pafupifupi K15,300, isanakwere basi ya ku Zomba. Masamu amenewa ndi ofunika kuwachita muli kunyumba musananyamuke. Amayi ambiri amathera ndalama yonse mu katundu, n'kufika pa bodala opanda ya msonkho, katundu n'kugona masiku akudikira kuti abale atumize.

Funso lachitatu ndi limene lingagwetse K525,000 ija kufika pa ziro, komanso ndi limene anthu amalimva molakwika kwambiri. M'buku la tarifi, nambala iliyonse ili ndi milingo ingapo yoyandikana: wa katundu wa mayiko wamba, wa COMESA, ndi wa SADC. Malawi ali m'mabungwe onse awiri. Anali m'gulu la mayiko oyamba kulowa mu msika wopanda dyuti wa COMESA mu Okutobala 2000, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi ena, ndipo msika wotere wa SADC unakhazikitsidwa mu 2008. Tanzania, Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA, kotero katundu wawo amadalira SADC. Palinso mapangano a mayiko awiriawiri, monga la Malawi ndi Zimbabwe, ndi la Malawi ndi Mozambique, limene likukhudza odutsa pa Nayuchi, Chiponde ndi Muloza.

Cholakwika chofala ndi kuganiza kuti kumene mwagula ndi kumene katundu akuchokera. "Ndagula ku Zambia, ndiye ndi COMESA." Ayi. Lamulo likufunsa kumene katunduyo anapangidwira. Chitenje cholukidwa ndi kudindidwa ku China, chikatsika pa doko la Dar es Salaam n'kukhala chaka chathunthu m'sitolo ku Kariakoo kapena ku Kamwala, chikadali cha ku China, ndipo chilipira mlingo wa mayiko wamba. Kuchidula, kuchipinda, kuchiika m'mapepala atsopano kapena kumatapo chizindikiro sikusintha kwawo kwake. Zili ngati nkhani ya mbumba kuno kwathu: mwana akhoza kukulira m'tauni zaka zonse, koma kwawo ndi kumene kuli amayi ake.

Malamulo a COMESA amavomereza katundu m'njira zingapo, ndipo imodzi yokha ikakwaniritsidwa ndi yokwanira. Yoyamba ndi katundu wobadwira konko kotheratu, monga mpunga wolimidwa m'dziko la membala kapena nsomba za m'nyanja zake. Ina ndi yakuti zipangizo zochokera kunja kwa COMESA zisapyole 60 peresenti ya mtengo wa zipangizo zonse. Ina ndi yakuti ntchito yochitikira m'dzikomo iwonjezere osachepera 35 peresenti ya ndalama zopangira katunduyo. Mwachitsanzo, ngati fakitale ya ku Kenya yaononga K100 kupanga chinthu ndipo K60 mwa imeneyo ndi zipangizo za kunja, yawonjezera 40, yadutsa. Zipangizo za kunja zikakhala K70, yawonjezera 30 yokha, yalephera pa njira imeneyi. Palinso njira yakuti chopangidwacho chisinthe mutu wa tarifi poyerekeza ndi zipangizo zake, ndipo apa mukuona kuti funso lachiwiri lija labweranso. Malamulo a SADC ndi olimbirapo, chifukwa mtundu uliwonse wa katundu uli ndi lamulo lake. Pa zovala, kawirikawiri amafuna masitepe awiri achitikire m'chigawo: ulusi ulukidwe kukhala nsalu, nsaluyo isokedwe kukhala chovala. Kusoka kokha nsalu ya ku Asia sikukwana.

Wogula wa ku Domasi sangawerengere ndalama za fakitale ya eni ake, ndipo safunikanso kutero. Chimene iye akufuna ndi satifiketi yoonetsa kumene katundu anapangidwira, imene wogulitsa amaitenga kwawo: ku Zambia imadindidwa ndi Zambia Revenue Authority, ku Tanzania ndi bungwe la amalonda la dzikolo. Satifiketiyo iyenera kugwirizana ndi invoisi pa dzina la wogula, mtundu wa katundu, chiwerengero ndi nambala ya tarifi, ndipo chidindo ndi siginecha zikhale za anthu amene MRA ikuwadziwa. Mawu akuti "Made in Tanzania" a m'mphepete mwa nsalu salowa m'malo mwake. Wogulitsa akamazengereza mukamufunsa za satifiketi, kawirikawiri ndiye kuti katunduyo si wa konko.

Ngati nsalu za mayi athu zinalukidwadi ku fakitale ya ku Tanzania mokwaniritsa lamulo la SADC, satifiketi ilipo, ndipo mlingo wa SADC pa nambala imeneyo ndi ziro, masamu asintha chonchi: dyuti palibe, VAT iwerengedwa pa K2,100,000 yokha, ndiyo K346,500. Kusiyana kwake ndi K611,625, pa katundu yemweyo, pa windo lomwelo. Koma onani kuti VAT sinachoke. Satifiketi imachotsa kapena kutsitsa dyuti yokha, ekisaizi ndi VAT zimatsala. Anthu ambiri amakangana ndi maofisala pa mfundo imeneyi poganiza kuti akuberedwa, chonsecho lamulo ndi lomwelo.

Kwa a geni yaing'ono odutsa pa Mchinji pali njira yofewetsedwa ya COMESA, ya katundu wosapyola madola 2,000. Katunduyo akakhala pa mndandanda umene Malawi ndi Zambia anagwirizana, ndipo ndi wopangidwa kapena wolimidwa m'mayikowa, simufunika satifiketi ya ku likulu kapena ejenti. Mumadzaza mapepala afupi pa bodala pomwepo, ndipo pamakhala desiki ya wothandiza amalonda ang'onoang'ono. Katundu wa ku China wogulidwa ku Kamwala salowa m'njira imeneyi ngakhale akhale wochepa bwanji.

Chikalata chikalowa mu kompyuta, chimapatsidwa njira: yobiriwira katundu amadutsa, yachikasu amaunika mapepala, yofiira amatsegula mabelo. Kugwera yofiira si mlandu. Mukhalepo pamene akutsegula, muwerenge nawo limodzi. Kenaka pemphani pepala loonetsa mmene msonkho wawerengedwera, ndipo muyang'ane zinthu zitatu zija: mtengo umene aika, nambala ya tarifi, ndi dziko limene alemba pamodzi ndi mlingo wake. Chulukitsani nokha pa foni. Ndalama ikasiyana ndi imene munayembekezera, chimodzi mwa zitatuzi chasintha, ndipo mukhoza kuloza kuti ndi ichi. Kunena kuti "mwandidulira" sikupita patali. Kunena kuti "mwaika madola 8 pa nsalu pamene invoisi ndi umboni wa ku banki zikuti 5, ndikupempha chifukwa chake" ndi nkhani imene ofisala ayenera kuiyankha.

Pangano la mtengo lija limakupatsani ufulu wopempha, mwa kalata, kuti akufotokozereni molemba mmene apezera mtengo wa katundu wanu. Limalolanso kuti mkangano ukatenga nthawi mutenge katundu wanu mutasiya chikole chokwanira msonkho umene ukukanganidwawo, kuti geni isaime. Ndipo muli ndi ufulu wochita apilo popanda kulangidwa chifukwa chodandaula. Yambani ndi mkulu wa pa siteshoni pomwepo, kenaka kalata kwa Commissioner General ku Msonkho House ku Blantyre. Lamulo la mu 2021 linakhazikitsanso Revenue Appeals Tribunal yomva madandaulo a misonkho, ndipo pamwamba pake pali makhoti. Madandaulo ali ndi nthawi yake yoikika, choncho lembani msanga ndipo sungani kope lodindidwa tsiku limene alandira.

Ufulu wonsewu umagwira ntchito kwa munthu amene ali ndi mapepala m'dzina lake. Apa ndi pamene ndimada nkhawa ndi chizolowezi chopereka mabelo kwa mwini lole amene amati, "Belo limodzi mwakuti, dyuti ili momwemo, mukalandirira ku Limbe." Njirayi imaoneka yosavuta, ndipo ena mwa onyamulawa amalipiradi moyenera. Koma ngati simunaone chikalata ndi lisiti ya MRA, simukudziwa mtengo umene walembedwa, nambala imene yaikidwa, kapena ngati katundu wanu walembedwa n'komwe. Magulu a MRA olimbana ndi kuzembetsa katundu amaimitsa magalimoto m'misewu ya mkati, kutali ndi bodala, ndipo katundu wopanda umboni wa msonkho amagwidwa. Lamulo limalola chindapusa ngakhalenso kulanda katunduyo. Zikatero mwini nsalu ali ku Domasi alibe pogwira, sangachite apilo pa chikalata chimene si chake. Ngati mukuphatikiza katundu ndi anzanu mu lole imodzi, uzani wonyamulayo kuti mbali yanu ilembedwe payokha, akupatseni kope la chikalata ndi lisiti yokhala ndi nambala, ndipo mapepalawo muwasunge pamodzi ndi invoisi ngakhale nsalu zitatha kugulitsidwa, chifukwa MRA ili ndi mphamvu yodzaunikanso katundu amene analowa kale.